Thumba Limodzi Lopyola pa Oda

Ndinagwira ntchito yosunga sitolo ya katundu pa chipatala china chaching'ono cha mishoni, tsidya la kum'mawa kwa nyanja, m'boma la Mangochi, kwa zaka zochuluka ndithu. M'zaka zimenezo ndinalakwitsa kangapo, ndipo zolakwa zambiri ndinaziiwala. Chimene ndikufuna kulongosola pano ndi chimodzi chokha, chokhudza thumba la nyemba limene linatsala pang'ono kulepheretsa mayi wina kugula feteleza mvula isanagwe.

Ndiyenera kuyamba ndi kunena za ine mwini mwachidule. Sukulu ndinalekeza sitandade eyiti. Pachipatalapo ndinalowa ngati wosesa m'maofesi. Tsiku lina anandipatsa mafayilo akale kuti ndikatenthe kudzala, ndipo m'menemo ndinapeza makalata ambirimbiri olembedwa ndi akalaliki amene anamwalira kalekale. Sindinawatenthe onse. Ena ndinapita nawo kunyumba, n'kumawakopera m'kope Lamlungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi, kufikira dzanja langa linazolowera kuyamba ndi "Ponena za nkhani ili pamwambayi" ndi kutsiriza ndi "Ine wanu wokhulupirika." Pakamwa panga panatsatira dzanja. Atandikweza kukhala wosunga sitolo, anzanga anali atandipatsa kale dzina loti a Wokondedwa Bwana, ndipo sindinalikane, chifukwa linali loona.

Sitoloyo inali nyumba yaitali ya njerwa, ya mawindo ang'onoang'ono pafupi ndi denga. M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likafika pamutu, malata ankalira okha ngati pali munthu akuyendapo, ndipo kuwala kunkatsika m'mawindomo m'mizere itatu yodzaza fumbi la ufa. Ndinkakonda kukhala pa mpando wanga n'kumayang'ana fumbilo likuyandama mosafulumira. Munkanunkhira sopo, thonje, mafuta ophikira ndi ziguduli. Ndikatsegula chitseko cha kumbuyo ndinkaona nyanja ili mbuu, yosasiyana ndi thambo, ndipo nthawi zina nkhungu, tizilombo tija touluka, tinkaima pamadzi kutali ngati utsi wa mudzi umene palibe anapitako.

Kuti nkhaniyi imveke, ndiyenera kufotokoza za mapepala atatu amene ankalamulira malipiro onse a pamalopo. Loyamba linali oda. Imeneyi inkalembedwa ku ofesi ya zogulagula ndi kusainidwa ndi bwana woyang'anira chipatala, ndipo inkanena chimene tapempha, kuchuluka kwake, ndi mtengo umene tagwirizana ndi wogulitsa. Lachiwiri linali langa, chikalata cholandirira katundu, chimene a mu ofesi amachitchula ndi malemba atatu a Chingerezi. M'menemo ndinkalemba zimene zalowadi pakhomo la sitolo, nditawerenga, kuyeza pa sikelo ndi kuona ngati zili bwino. Lachitatu linali invoisi, pepala la wogulitsa mwini, lopempha kuti alipidwe.

Mapepala atatuwa ankalembedwa ndi manja atatu osiyana, ndipo palibe munthu ankaloledwa kulemba awiri mwa iwo. Ankakakumana pa tebulo la mayi wa ku akaunti, amene ankawayala moyandikana, n'kutsika ndi lula mzere ndi mzere: nambala ya oda, mtundu wa katundu, kuchuluka kwake, mtengo wa chimodzi, kenaka kuwonkhetsa. Zikagwirizana ankachonga ndi cholembera chofiira, n'kulemba vocha ya malipiro. Pakapezeka kusiyana, ngakhale kwakung'ono, mapepalawo ankalowa m'fayilo yobiriwira yodikira, ndipo cheke sichinkalembedwa. Ine ndinkawaganizira mapepalawa ngati mboni zitatu za m'midzi yosiyana, zimene sizinaonanepo, koma zikaitanidwa pabwalo zinene mawu amodzi. Ndinkanyadira mwakachetechete kuti mboni yapakatiyo ndinali ine.

Pali chinthu chinanso. Cheke chilichonse chinkafuna masiginecha awiri, ya bwana woyang'anira ndi ya abambo ena a mpingo amene ankabwera kuchokera ku tauni ya Mangochi kamodzi pamwezi, Lachisanu lomaliza. Amene mapepala ake sanapsye pofika tsiku limenelo ankadikira mwezi wina wathunthu.

Chaka chimenecho oda ya nyemba za kukhitchini inaperekedwa kwa mayi wina wa ku Namwera, Msilamu, wamasiye, amene ankagula nyemba kwa alimi a kumalire n'kumagulitsa. Inali oda yake yoyamba pa chipatala chathu. Inanena kuti matumba makumi awiri, lililonse la makilogalamu makumi asanu. Anafika Lolemba la sabata yomaliza ya mwezi, atakhala kutsogolo kwa lole yaing'ono yahayala, atafunda mpango wofiirira umene fumbi la m'phiri linali litauyeretsa m'mphepete.

"Ajimwiche uli, achimwene," anandilonjera m'Chiyao, kenaka poona kuti ndikuyankha mopunthwa anasintha n'kunena Chichewa. "Ndinu a sitolo? Anandiuza kuti kuli bambo wowerenga ngakhale mchenga."

"Mayi," ndinatero, "ndine amene, ndipo ndili wokondwa kukulandirani pamodzi ndi katundu wanu."

Anandiyang'ana pang'ono, n'kuseka. "Mwayankhula ngati wailesi."

Tinatsitsa matumba. Lililonse ndinaliika pa sikelo, ndi kulibaya ndi chitsulo chosongoka chija chotulutsira mbewu pang'ono, kuti ndione ngati muli anankafumbwe kapena miyala. Nyemba zake zinali zofiira, zouma bwino, zolira m'manja ngati mikanda. Nditawerenga, matumba anali makumi awiri ndi limodzi. Ndinawerenganso kuyambira kumapeto, ndipo anali omwewo.

"Mayi, ndikufuna kukudziwitsani kuti matumba apyola ndi limodzi."

"Ndikudziwa," anatero, akumanga mpango wake. "Limodzilo si la malonda. Lisiyeni momwemo, anthu adye."

Dalaivala anali ataliza kale injini, pakuti anali ndi ulendo wina wokatenga usipa kugombe. Mayiyo anakasiya invoisi yake ku akaunti, n'kukwera, ndipo lole inapita. Ine ndinaganiza kuti thumbalo ndi basela. Kwathu kuno munthu akagula tomato wa mulu umodzi amamuikira mmodzi pamwamba, akagula usipa amamuwonjezera kadzanja, ndipo wogulitsa wosaika basela amanenedwa kuti ndi wouma manja. Ndinaona kuti mayiyu wangochita mwambo womwewo pa muyezo waukulu.

Apa ndi pamene ndinalakwa. Chimene ndinayenera kuchita chinali kulandira matumba makumi awiri a pa oda, n'kuika lotsalalo padera, osalilowetsa m'buku, kufikira bwana atanena chochita nalo. Koma ine ndinali ndi chiphunzitso chimodzi m'mutu, choti wosunga sitolo amalemba chimene maso ake aona. Ndinatsegula buku, ndinaika pepala la kaboni, ndipo ndinalemba mosamala, ndi malemba opendeka amene ndinaphunzira kwa akalaliki akufa aja: matumba makumi awiri ndi limodzi. Ndinasaina, ndinadinda, ndinalowetsa nambala yomweyo pa khadi la nyemba, n'kutumiza kope la pinki ku akaunti. Ndikukumbukira kuti ndinakhala pansi wokhutira, ndikuyang'ana fumbi lija m'kuwala, ndipo ndinaodzera pang'ono.

M'mawa mwake, Lachiwiri, mayi wa ku akaunti anandiitanitsa. Anali wamng'ono kwa ine ndi zaka zambiri, wophunzira ku koleji, wa pakamwa pakuthwa koma wopanda njiru. Pa tebulo pake panali mapepala atatu, ndipo lula inali itagona pa langa.

"A Wokondedwa Bwana, khalani pansi. Oda ikuti makumi awiri. Invoisi ikuti makumi awiri. Inu mukuti makumi awiri ndi limodzi. Kodi thumba linali ndi pakati, laberekera m'sitolo?"

"Mayi, ndikupempha kufotokoza kuti lowonjezeralo ndi basela."

"Basela wa makilogalamu makumi asanu? Ndiuzeni msika wake, ndizikagula kumeneko."

Ndinayesa kunena kuti chipatala sichikutaya kanthu, popeza chalandira zochuluka kuposa zimene chikulipira. Iye anapukusa mutu, ndipo anandifotokozera mosaseka tsopano. Katundu wopyola pa oda, anatero, ndi katundu amene palibe analamula kuti agulidwe. Mwina mawa wogulitsa adzatumiza invoisi ina ya thumba limenelo, ndipo chikalata changa chidzakhala umboni woti tinalandira. Mwina wosunga sitolo sadziwa kuwerenga. Mwinanso, ndipo apa anatsitsa mawu, thumbalo ndi la wosunga sitolo mwini, loperekedwa kuti asamabaye kwambiri matumba enawo. Iye sankandiganizira zimenezo, koma ofufuza mabuku amene ankabwera chaka ndi chaka sankandidziwa ine, ankadziwa mapepala okha.

"Ndiye ndikalembenso china," ndinatero, ndipo ndikuchita manyazi mpaka lero kuti mawuwa anatuluka pakamwa panga. "Ndilembe makumi awiri."

"Masamba a buku lanu ali ndi manambala, bambo. Mukang'amba limodzi, dzenje lake lidzaoneka. Ndipo mukalemba makumi awiri pamene m'sitolo muli makumi awiri ndi limodzi, thumba limodzi likhala lopanda pepala. Thumba lopanda pepala limamera miyendo, ndipo likayenda adzafunsa inu."

Anatenga mapepalawo, nawaika m'fayilo yobiriwira.

Tinapita kwa bwana woyang'anira, munthu wofatsa wotopa ndi kutentha, amene anatimvetsera akudzipepesa ndi envelopu. Iye anati njira zilipo zitatu. Yoyamba, oda iwonjezedwe mwalamulo, mayiyo alembe invoisi ya thumbalo, tilipire. Yachiwiri, mayiyo alembe kalata yonena kuti thumba limodzi wapereka ngati mphatso ku chipatala, asaine, tiyikhomerere pa mapepala enawo, ndipo dzina lake lilowe m'buku la opereka mphatso. Yachitatu, thumbalo libwezedwe kwa mwini wake ndi chikalata chobwezera katundu, iye asainire kuti walandira. Njira iliyonse inkafuna dzanja la mayiyo, ndipo inkafunika Lachisanu lisanakwane.

"Mwayambitsa ndinu," anandiuza. "Muimbireni."

Ndinayamba ndalemba pa pepala zimene ndikanene, kenaka ndinaimba. Mayiyo anali pamsika, ndipo kumbuyo kwake kunkamveka njinga zamoto ndi munthu wotsatsa kabichi. Ndinamuwerengera njira yoyamba.

"Kundilipira? Ndinakuuzani kuti si la malonda."

Ndinawerenga yachiwiri.

"Achimwene, limene lija ndi sadaka. Sadaka salembera kalata. Mukufuna dzina langa likhale m'buku, aliyense aziwerenga kuti mayi uje anapereka? Ndiye ndapereka kwa Mulungu kapena kwa buku?"

Pamenepo ndinazindikira kuti silinali basela konse. Ndinawerenga njira yachitatu ndi mawu otsika.

"Libwerere kuno? Litsike pa lole pamsika pano anthu akuona? Inu simudziwa malonda. Thumba likabwerera kuchokera ku chipatala, dzuwa lisanapendeke Namwera yense akhala atamva kuti nyemba zanga zafumbwa. Adzagulanso ndani kwa ine?"

"Mayi, ndili wokakamizika kukudziwitsani kuti popanda imodzi mwa njirazi, malipiro anu adikira kutha kwa mwezi wamawa."

Ndinamva akupuma. Kenaka ananena pang'onopang'ono, ngati akudziuza yekha, kuti mpamba wake wonse uli m'matumba amenewo, kuti munda wake walima kale mizere, ndipo kuti feteleza ndi mbewu ankayembekeza kugula ndi cheke chimenecho. Kumapiri mvula imafulumira. Mwezi wamawa ukamatha anzake adzakhala akupalira. Atatero anati, "Mulungu ndiye adziwa," ndipo anadula.

Lachitatu linali tsiku lachilendo. Kunatentha kwambiri moti ngakhale mbuzi zinagona pansi pa ambulansi. Ndinagwira ntchito zanga zonse, ndinapereka sopo ku wodi ya amayi ndi mafuta kukhitchini, koma ndinkachita ngati munthu woyenda m'madzi. Thumba lija ndinali nditalikokera pakona palokha, ndipo nthawi iliyonse ndikadzutsa mutu ndinkaliona litatsamira khoma ngati mlendo amene wafika pamaliro olakwika ndipo akusowa potsanzikira. Masana ndinaodzera pa mpando, ndipo ndinalota akalaliki akale aja, amene nkhope zawo sindinazionepo, atakhala pa matumba m'mizere, atavala makabudula oyera, aliyense akuwerenga nyemba imodziimodzi kuchotsa m'dzanja lamanja kuika m'dzanja lamanzere. Palibe anandidzudzula. Mmodzi anangondifunsa mwaulemu ngati ndili ndi kaboni wapadera.

Nditadzidzimuka ndinatuluka panja. Kum'mawa, pamwamba pa mapiri a ku Namwera, kunali kutaunjikana mitambo yakuda pansi, yoyera pamwamba, ndipo mphepo inabweretsa kafungo ka dothi lonyowa kuchokera kutali. Inali chizimalupsa chabe, mvula yoyamba ija yozimitsa matchire opsya, koma aliyense wolima amadziwa chimene imalengeza. Ndinatenga foni n'kulemba uthenga. Ndinayamba ndi "Wokondedwa Mayi," ndinavomera kuti cholakwa chinali changa osati chawo, ndinapempha kuti abwere mawa lake kuti tidzaone pamodzi chimene chingatheke, ndipo ndinalonjeza kubweza ndalama ya ulendo kuchokera m'thumba mwanga. Uthengawo unatalika mpaka foni inaudula panayi. Yankho linabwera la mawu awiri: "Insha Allah."

Anafika Lachinayi cha m'ma teni koloko, pa njinga yamoto ya kabaza. Sanapite ku ofesi. Analowa m'sitolo, nakhala pa benchi pafupi ndi sikelo, nayang'ana thumba lija pakona.

"Mwalipatula ngati lili ndi khate."

"Ndalipatula podikira chigamulo, mayi."

"Uthenga wanu anandiwerengera mwana wa mchemwali wanga. Anati, amayi, kodi mwalembedwa ntchito ku boma?" Anaseka pang'ono, kenaka kuseka kunatha. Anakhala akupotokola ngodya ya mpango wake, ndipo anayamba kulankhula osandiyang'ana.

Anati zaka zingapo m'mbuyomo mwamuna wake anagonekedwa pa chipatala chomwechi kwa milungu isanu. Iye ankakhala kuchitando, kunja kwa mpanda, kumene odikirira odwala amagona ndi kuphika. Sabata yachitatu ufa ndi ndiwo zimene anabwera nazo zinatha, ndalama inatha, ndipo kwawo kunali kutali. Ankasonkha moto n'kuikapo madzi okha, kuti anzake asadziwe. Koma mayi wina wa m'mudzi wa m'mphepete mwa nyanja, Mkhristu, amene ankadikirira mwana wake, anaona. Tsiku lililonse ankabwera ndi kambale ka nyemba, n'kuika pafupi ndi mafuwa ake, n'kunena kuti, "Ndaphika zambiri, zingaonongeke." Sanafunsane maina. Tsiku lina m'mawa mayiyo anali atapita, ndipo sanadziwe ngati mwana uja anachira. Mwamuna wake anamwalira sabata yotsatira.

"Ndiye nditamva kuti oda ya kuno yagwera ine, ndinati kambale kaja kabwerere. Basi. Sindinadziwe kuti kubweza mbale kumafuna chidindo."

Ndinali kuyang'ana mizere itatu ya kuwala ija, ndipo m'maganizo mwanga ndinkaona chitando monga ndinkachionera tsiku ndi tsiku popita kunyumba: denga la malata lopanda makoma, mafuwa m'mizere, zitenje zoyanikidwa pa waya, amayi atakhala pa mikeka. Ndinali nditadutsapo zaka zonsezo osaganizapo chinthu chimodzi chodziwikiratu, choti chitando chili kunja kwa geti. Chakudya cha kumeneko sichichokera m'sitolo yanga. Palibe khadi, palibe buku, palibe oda imene imafika kumeneko.

"Mayi," ndinatero, "ndikupempha kufunsa. Nyembazi munkafuna adye ndani makamaka?"

"Anthu a kuchitando. Nanga si ndinu mumawapatsa?"

"Ayi. Za m'sitolo muno zimapita kukhitchini ya odwala okha. Odikirira amadziphikira zawo."

Anandiyang'ana kwa nthawi. "Ndiye ndinaponya pa khomo lolakwika."

Ndinamufotokozera tsono, mwadongosolo monga ndinathera. Chikalata chobwezera katundu chimanena kuti katundu watuluka m'manja mwa chipatala n'kubwerera m'manja mwa mwini wake. Sichinena kuti mwini wakeyo apite naye kuti. Thumba likadutsa pageti ndi lake, ndipo kuchokera pageti kufika kuchitando ndi mtunda woponya mwala. Ku Namwera silidzafika. M'buku la mphatso simudzalowa dzina. Chimene adzasainire ndi choti walandira thumba lake, ndipo zimenezo zidzakhala zoona.

"Nanga pa pepalapo mulemba kuti mwabweza chifukwa chiyani? Paja inu simusiya mzere wopanda kanthu."

"Pali mzere wa chifukwa, mayi, ndipo uyenera kudzazidwa."

"Lembani, mundiwerengere ndisanagwire cholembera."

Ndinapita kaye kwa bwana woyang'anira kukapempha chilolezo, ndipo iye anavomera, n'kusaina kapepala kotulutsira katundu pageti. Nditabwerera ndinatsegula buku lobwezera katundu, limene linali lisanagwiritsidwe ntchito kwa miyezi yambiri, moti kaboni wake anali atauma ndipo ndinaika wina. Ndinalemba nambala ya oda, nambala ya chikalata changa cha Lolemba, thumba limodzi la nyemba la makilogalamu makumi asanu. Pa mzere wa chifukwa ndinalemba kuti: Lapyola pa oda, nyemba zake zayesedwa ndipo zilibe chilema chilichonse. Ndinamuwerengera kawiri.

"Pomalizapo mubwerezenso."

"Zilibe chilema chilichonse."

"Ndipatseni cholembera."

Anasaina pang'onopang'ono, ndi malemba akuluakulu. Ine ndinachotsa thumba limodzi pa khadi la nyemba, ndipo khadi linagwirizana ndi mulu umene unali m'sitolo. Kenaka ndinakweza thumbalo pa wilibala n'kuyamba kukankha ndekha, ngakhale kuti msana wanga sunali wa ntchito imeneyo. Mlonda wa pageti anawerenga kapepala, anayang'ana thumba, anayang'ana ine.

"A Wokondedwa Bwana, mwayamba maganyu?"

"Ndikuperekeza katundu kwa mwini wake," ndinayankha, ndipo anatsegula.

Kunja kwa geti ndinaima, n'kunena kuti, "Mayi, kuyambira pano thumbali ndi lanu." Iye anangoloza ndi chibwano kuchitando, ndipo ndinapitiriza kukankha, tsopano ngati munthu wamba wothandiza mnzake. Utsi wa mafuwa unali utagona pansi pa denga chifukwa kunalibe mphepo, ndipo amayi ankaoneka ngati akuyandama m'menemo, ena akupepeta, ena akugona chogonera dzanja. Mayi wa nyemba anapita molunjika pa ngodya ina ya kumpoto, naima pamenepo kanthawi, akuyang'ana mafuwa atatu akuda amene panalibe mphika. Kenaka anaitana mayi wina wachikulire amene ankaoneka kuti ndiye amamveredwa pamenepo.

"Amayi, pali munthu wandituma. Akuti mugawane, makamaka amene ndiwo zawathera."

"Ndani ameneyo, timuthokoze?"

"Sanatchule dzina. Anangoti anaphika zambiri."

Sanadikire kuti thumba limasulidwe. Anatembenuka, ndipo ine ndinamutsatira ndi wilibala yopanda kanthu, imene inkalira gudumu njira yonse. Ndinamupatsa ndalama ya ulendo monga ndinalonjezera. Anakana kawiri, kachitatu analandira, n'kunena kuti akagona kwa mbale wake ku tauni.

Masana omwewo ndinapereka kope la chikalata chobwezera ku akaunti. Mayi wa ku akaunti uja anatulutsa mapepala m'fayilo yobiriwira, nawayalanso, tsopano anayi. Anatsika ndi lula. Oda, makumi awiri. Zolandiridwa, makumi awiri ndi limodzi, kuchotsapo limodzi lobwezedwa, makumi awiri. Invoisi, makumi awiri. Anayang'ana mtengo wa thumba pa oda ndi pa invoisi, anawonkhetsanso pa kamakina kake, ndipo anachonga kofiira malo onse. Anakhomerera mapepalawo pamodzi ndi vocha pamwamba.

"Mwana uja wabwerera m'mimba," anatero. "Ulendo wina, lopyola muziliika pakona lisanalowe m'buku."

"Ndamva, mayi, ndipo ndidzatsatira."

Lachisanu abambo a mpingo anafika ndi galimoto yawo yakale, anakhala pansi pa fani, anatembenuza mapepala a vocha iliyonse asanasaine. Pa ya nyemba anaima pa tsamba lachinayi, anawerenga mzere wa chifukwa, anakweza nsidze pang'ono, ndipo anasaina osafunsa. Mayi wa nyemba uja anabwera kudzatenga cheke atatuluka ku mzikiti. Anachipinda kamodzi, nachimanga pa ngodya ya mpango. Panatenga masiku angapo kuti banki imasule ndalamazo, ndipo masiku amenewo ndinkatuluka kawirikawiri kukayang'ana kumapiri, ngati kuti maso anga akanatha kuletsa mitambo. Mvula yeniyeni yobzalira inagwa patapita sabata ndi theka. Kuchitando nyemba zinanunkhira pafupifupi milungu iwiri, ndipo fungolo linkalowa m'sitolo kudzera m'mawindo aja a pafupi ndi denga.

Oda yachiwiri anabwera nayo mu Januwale, kukugwa mvula yowaza. Ndinamva lole ikuima kaye kunja kwa geti kwa mphindi zingapo, kumbali ya chitando, isanalowe. Sindinatuluke kukaona, pakuti za kunja kwa geti sizinali za ofesi yanga. Itafika pakhomo la sitolo, mayiyo anatsika atafunda pulasitiki pamwamba pa mpango.

"Werengani, achimwene. Muwerenge kawiri, monga mwa chizolowezi chanu."

Ndinawerenga kawiri. Anali makumi awiri. Ndikuika kaboni m'buku, ndinapempha kudziwa za kumunda, ndipo iye anaika dzanja m'chiuno mwake kusonyeza pamene chimanga chafika.